Ufulu wake ndi uti ngati dzina lanu lili mthumba la munthu?

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo, nanu achinyamata muli kumbuyoko sendelani pafupi kuti ndisamakuwe. Nkhani yathu lero ndi ya zogawagawa za ndale, koma ndinenerethu kuti sindinabwere kudzadzudzula munthu amene analandirako chitenje kapena K2,000 pamsonkhano wa kampeni, ayi. Njala ikakugwira sufunsa kuti ufa wachokera kuti. Chomwe ndikufuna tione limodzi ndi mmene makina ake amayendera, ndani amalemba mayina, ndalama yake imachokera kuti ndipo imabwerera bwanji kwa mwini wake, chifukwa imabwerera ndithu, paja kupatsa nkuika.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe anthu timaziphatikiza. Wandale akanena kuti mukandivotera sukulu ya pulaimale ikhala yaulere, ngati mmene a Bakili Muluzi anachitira mu 1994, imeneyo ndi ndale yabwinobwino, chifukwa mwana wa munthu wa UDF ndi mwana wa munthu wa Kongeresi onse analowa mkalasi, palibe anafunsidwa khadi ya chipani pakhomo. Koma akanena, kapena kungokuonetsani ndi maso, kuti thumba ili mwalandira chifukwa ndinu athu ndipo mukatembenuka chaka chamawa dzina lanu silituluka, apo nde pali vuto lomwe tikukambalo. Chinthu chake chikhoza kukhala chimodzimodzi, feteleza yemweyo, koma kwinaku ndi ufulu wanu kwinaku ndi ngongole. Nde muyeso wake ndi wosavuta: kodi pali munthu amene angakuchotseni pamndandanda chifukwa mwamukwiyitsa, inu nkusowa kokadandaula?

Titenge makuponi, poti aliyense pano amawadziwa. Sabuside ya a Bingu wa Mutharika inayamba mu 2005, chaka cha njala, ndipo a Bingu nthawi imeneyo anali atangotuluka mu UDF mu Febuluwale chaka chomwecho nkuyambitsa DPP, chipani chopanda mizu, chokhala ndi aphungu ochepa ku nyumba ya malamulo. Pulogalamuyo inathandiza, tisaname, chimanga chinachuluka. Mlimi amalandira makuponi a matumba awiri a makilo 50, lina lokulitsa lina lobereketsa, ndi kambewu. Koma makuponi sanali okwanira aliyense, mabanja pafupifupi 1.5 miliyoni okha pachaka, pomwe alimi ang'onoang'ono ndi ochuluka kuposa pamenepo kwambiri. Apo nde pamalowera ndale, chifukwa chinthu chikachepa pamafunika munthu wosankha. Malamulo ankati alandire ndi osauka omwe ali ndi munda, koma mmudzi muno wosauka ndi ndani, si tonse? Nde mphamvu inagwera kwa amene wagwira cholembera, a mfumu, komiti ya mmudzi, alangizi, nthawi zina a tcheya a chipani ataima pambali ngati sakumva. Midzi ina inabadwa usiku, yongolembedwa papepala kuti makuponi achuluke. Mafumu ena, kunena zoona, anachita zanzeru, ankati mabanja awiri agawane thumba limodzi kuti mmudzi musakhale udani, nde si onse ankadya.

Tsono taonani nthawi yake. Chaka cha ulimi cha 2008/09, chisankho chili pafupi, pulogalamuyi inadya pafupifupi K16 pa K100 iliyonse ya bajeti ya dziko. Mtengo wa feteleza padziko lonse unakweradi chaka chimenecho, izo nzoona, komanso makuponi anasindikizidwa ochuluka kuposa omwe anakonzedwa poyamba. Mu Meyi 2009 a Bingu anawina ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse. Chichokereni pamenepo palibe chipani chomwe chalimba mtima kunena kuti tiisiya sabuside, amangosintha dzina ndi mtengo, ngati AIP ya mu 2020 ija ya K4,495 pathumba.

Wina afunsa kuti koma a phunzitsi, voti ndi yachinsinsi, adziwa bwanji kuti ndavotera wina? Funso labwino kwambiri limenelo, ndipo yankho lake ndi loti inuyo panokha sangadziwe. Mkachipinda kaja mumakhala nokha. Chomwe amadziwa ndi zotsatira za pasenta, poti zimamatidwa pompo aliyense nkuwerenga kuti pasukulu yakuti tapeza 40 mnzathu wapeza 600. Nde chilango kapena mphoto sizipita kwa munthu mmodzi, zimapita kwa mudzi onse, mjigo uja umakakumbidwa tsidya linalo. Nchifukwa chake wandale safuna kwenikweni inuyo, amafuna munthu wapakati amene angamulonjeze mudzi wathunthu, a mfumu, a gavanala a chipani, atsogoleri a amayi ovina, anyamata a morale aja. Nchifukwa chakenso chisankho chikayandikira mumamva mafumu akukwezedwa, uyu wakhala Siniya Tchifu uyu mswahala wakwera. Ndalama zambiri zimathera mmanja mwa apakatiwa, inu chimakufikani ndi nyenyeswa.

Ndipo sikuti zogawazi zimawinitsa nthawi zonse. Amayi Joyce Banda anagawa chimanga, ng'ombe, anamangira anthu nyumba, msonkhano pafupifupi tsiku lililonse, koma mu 2014 anathera pa nambala 3. Aphungu athu nawonso, pa chisankho cha 2009 komanso 2014 oposa theka la omwe anali mnyumba ija sanabwerereko, chonsecho ambiri anagawa mpaka kuuma. Amalawi tinaphunzira kudya kwa onse nkuvotera mmodzi. Nde bwanji sasiya? Chifukwa kugawa sikukugulira mpando, koma kusagawa kumakuchotsa mumpikisano, anthu amangoti ameneyo ngoumira, kapena alibe kanthu, atithandiza chani. Aliyense akugawa poopa kuti mnzake agawa, ndipo mtengo wolowera ndale ukungokwera.

Tsopano tiwerenge ndalama za phungu, apa ndipamene ndikufuna tikhalitsepo. Kafukufuku wina yemwe anachitika chitatha chisankho cha 2019 anapeza kuti munthu wopikisana pa uphungu, kutenga pakatikati, ankawononga pafupifupi K15 miliyoni, ndalama za nthawi imeneyo zomwe zinkaposa malipiro a phungu a chaka chonse. Zimayambira ku mapulaimale, komwe ovota ndi ochepa ndipo kawirikawiri amaima pamzere kumbuyo kwa munthu wawo, nde kumeneko chinsinsi kulibe, wadya za munthu amakuona ndi maso kuti waima kuti. Kenako kampeni yeniyeni, malole, zitenje, matisheti, mpira wa bonanza. Akawina sizithera pomwepo, mmawa uliwonse pakhomo pali mzere, uyu maliro akufuna bokosi ndi galimoto, uyu fizi, uyu wodwala apite kuchipatala chachikulu, tchalitchi chikufuna malata. Malipiro ake sangakwanire zimenezi, nde mukuganiza kuti azitenga kuti?

Njira zake zilipo zodziwika. Yoyamba ndi kuthamangira ku boma, chifukwa unduna, mipando ya mmabodi a makampani a boma ndi makontirakiti zili kumeneko. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko limati ukachoka chipani chomwe unawinira nkulowa china mnyumba ija mpando uuluke, koma munaona mu 2005, munaonanso mu Epulo 2012 a Bingu atangomwalira, anthu omwe dzulo lake ankavala buluu mmawa avala olenji. Musamawatenge ngati amisala, akuwerenga masamu. Njira ina ndi abizinesi omwe anamuthandiza kampeni, amenewo amabweza kudzera mmatenda, nde buloko ya sukulu imamangidwa ndi simenti yochepa nkung'aluka mvula yoyamba. Ina ndi thumba la CDF lomwe linayamba mu 2006, ndalama za msonkho wanu koma pamjigo pamalembedwa dzina la onolebo ngati atulutsa mthumba mwawo. Mu 2025 khothi lalikulu linagamula kuti aphungu asamayendetse thumba limeneli, poti ntchito yawo nkupanga malamulo ndi kulondoloza boma, sangakhale ogwiritsa ndalama iwo omwe nkumadzilondolozanso okha.

Apa ifenso tidziyang'ane pang'ono. Phungu amene wakhala mu komiti nkumafunsa kuti mankhwala a mchipatala apita kuti, kumudzi timati sakuoneka. Amene wagula mabokosi timati ndi wathu. Ndipo sindikuseka munthu, ngati ambulansi ya boma ilibe mafuta, phungu ndi amene amakhala ambulansi yanu, ndi nzeru ndithu kumusunga. Koma onani mmene chingwe chazungulirira, ambulansi ikapanda mafuta phungu amafunika kwambiri, nde ndani amene ali ndi chidwi choti mafuta azipezeka nthawi zonse? Kumbukiraninso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, zaka zonsezo zachitukuko zammudzi zinatsalira aphungu ndi mafumu, ndipo gawo 64 lomwe linkatipatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe aphungu analifafaniza mu 1995, demokalase ili ndi chaka chimodzi chokha.

Lamulo loletsa zogawagawa lilipo, lamulo la zipani la 2018, ndipo chilango chake nchachikulu, chindapusa ndi ndende yomwe. Koma limalola zinthu za kampeni monga zitenje ndi matisheti komanso ya thiransipoti, nde envulopu iliyonse tsopano imatchedwa ya thiransipoti ngakhale munthu wayenda wapansi kuchoka kuseri kwa sukulu. Komanso wopereka ndi wolandira onse asangalala, wokadandaula ndani?

Nde tigawane mmagulu, amayi ndi abambo musakanikirane, a mfumu ndikupempheni mukhale gulu lanu ndi nduna zanu kuti anthu amasuke. Gulu loyamba mutenge mndandanda wa zipangizo zotsika mtengo wa chaka chatha mmudzi mwanu muno, musatchule mayina a anthu, koma mutiuze kuti unalembedwa ndi ndani, unawerengedwa pagulu kapena ayi, ndipo amene dzina lake linasowa anapita kuti. Gulu lachiwiri lanu ndi lovutirapo: phungu akakana kugula bokosi nkunena kuti ndikamenyera nkhondo kuti khonsolo ikhale ndi galimoto ya maliro ndi ambulansi yoyenda, inuyo mumuvoteranso? Muyankhe zoona osati zondisangalatsa ine. Mukambenso ngati pali kusiyana pakati pa mphatso ya pamaliro yomwe ndi chikhalidwe chathu ndi ya wandale, malire ake ali pati.

Gulu lachitatu, achinyamata, ambiri amati idya koma uvote mwanzeru. Kodi malangizo amenewa akuthetsa vutoli kapena akungolikweza mtengo, poti wandale uja ndalama yake akaibwezabe kwinakwake kaya mwamuvotera kaya ayi? Ndipo mphunzitsi wopuma ntchito kapena mayi wa geni yemwe mukumudziwa kuti ngokhulupirika koma alibe mamiliyoni, angadutse bwanji mapulaimale mmene zililimu, chingasinthe nchani mchipani mwenimwenimo kuti adutse? Muli ndi theka la ola, gulu lililonse lisankhe mlembi ndi wodzatifotokozera, amene munakhalako mmakomiti a chipani musabise mawu, inu nde mukudziwa mmene envulopu imayendera.