Gemu ikuyenda bwino mu edita koma mukaitulutsa ikutseka yokha: tiyang'ane mu thumba

Pa sikirini: gemu ya kabaza ikuyenda mu Godot 4, pulogalamu yopangira magemu. Njinga yanyamula matumba a mtedza kuchoka kwa Kamwendo kupita ku Mchinji boma.

Onani gemu iyi. Mu edita tikadina F5 ikuyenda popanda vuto, kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza. Tsopano tatulutsa gemu yomweyi kuti iziyenda payokha pa Windows. Tikuitsegula, chithunzi choyamba chabwera bwinobwino. Tikudina "Yambani". Yatseka. Palibe uthenga, palibe chenjezo, windo langosowa.

Ambiri zikatere amathamangira kusintha khodi ya njinga, ena amachotsa Godot n'kuikanso. Kumeneko n'kutaya nthawi ndi bandulo. Khodi sinasinthe. Chasintha ndi malo amene gemu ikutengako mafayilo ake.

Pa sikirini: kumanzere foda ya pulojekiti, kumanja mafayilo awiri, kabaza.exe ndi kabaza.pck.

Mukakhala mu edita, dzina lililonse loyamba ndi res:// limaloza ku foda yeniyeni ya pa kompyuta yanu. Chilichonse chili m'fodamo gemu imachipeza. Potulutsa gemu, Godot amasankha mafayilo n'kuwalongedza m'fayilo imodzi ya .pck, ndipo kuyambira pamenepo res:// imaloza m'kati mwa .pck imeneyo. Zili ngati mlimi amene ali pakhomo: akafuna sikelo angolowa m'nyumba n'kutenga. Akafika pa msika, ali ndi zokhazo zimene zinalowa m'thumba. Funso lathu lero ndi limodzi: n'chiyani chatsala kunyumba?

Tisanayankhe, gemuyi iyambe yatiuza pamene pakupweteka.

Pa sikirini: Project, kenako Export, kenako Export Project.

Pa windo losungira fayilo, pansi pali kabokosi kolembedwa Export With Debug. Gemu imene yatseka ija tinaitulutsa kabokosi aka kali kosachonga, monga mmene timachitira ndi gemu yopita kwa osewera. Kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. Gemu yochongedwa imafufuza zolakwa pa sitepe iliyonse: ikapeza kuti khodi ikugwira chinthu chomwe kulibe, imalemba uthenga n'kusiya ntchito imeneyo. Gemu yosachongedwa, zofufuza zambiri zoterezi zimachotsedwa kuti ithamange. Ikagwira chinthu chomwe kulibe, imatha kungogwa osanena kanthu.

Ndiye chongani kabokosiko mutulutsenso. Pa Windows, pambali pa kabaza.exe pabwera fayilo ina, kabaza.console.exe. Imeneyi imatsegula gemu pamodzi ndi windo lakuda losonyeza mauthenga onse. Musaitsegule podina kawiri, chifukwa gemu ikatseka windo lakuda nalo lipita musanawerenge. Tsegulani cmd m'foda imeneyo mulembe chonchi:

```
kabaza.console.exe --verbose
```

Tidinenso "Yambani". Ulendo uno gemu sinatseke, yangoima pa chithunzi chopanda msewu, ndipo m'windo lakuda mwatuluka mawu awa:

```
Cannot call method 'get_as_text' on a null value.
```

Pansi pake pali dzina la fayilo ya khodi ndi nambala ya mzere. Ngati gemu yagwera pa kompyuta ya mnzanu ku Kasungu ndipo inu muli ku Mchinji, simukufunika kukwera minibasi. Pa kompyuta Godot amasunga mauthenga m'fayilo, ndipo pa Windows imakhala apa:

```
%APPDATA%\Godot\app_userdata\kabaza\logs\godot.log
```

Pamene pali kabaza muikepo dzina la pulojekiti yanu. Mnzanuyo akutumizireni fayiloyo, ndi yaing'ono. Koma mumpatse gemu yochongedwa ija, chifukwa yosachongedwa ikagwa mwadzidzidzi kawirikawiri siisiya mzere wokuthandizani.

Pa sikirini: mzere umene uthenga waloza.

```
var f := FileAccess.open("res://misewu/gawo1.txt", FileAccess.READ)
var mapu := f.get_as_text()
```

Misewu ya gemuyi inalembedwa m'mafayilo a .txt, gawo lililonse fayilo yake. Mzere woyamba ukutsegula fayilo. Ikapanda kupezeka, FileAccess.open siimitsa gemu, imangobweza null, kutanthauza chimanjamanja. Mzere wachiwiri ukuuza chimanjamanjacho kuti chiwerenge mawu, ndipo pamenepo ndi pamene gemu ikugwera. Mu edita izi sizinachitikepo chifukwa fayiloyo inalipo nthawi zonse.

Kodi gawo1.txt inalowa m'thumba? Tisaganizire, tione ndi maso. Pa windo la Export pali batani lina, Export PCK/ZIP. Lidineni, ndipo dzina la fayilo lithere ndi .zip m'malo mwa .pck. Zimene zituluke ndi katundu yemweyo amene amalowa mu .pck, koma tsopano mutha kumutsegula ngati foda wamba. Njira imeneyi anthu ambiri saigwiritsa ntchito, chonsecho imathetsa mkangano pa mphindi ziwiri.

Pa sikirini: zipi yatsegulidwa. Foda ya misewu mulibe.

Mulibe. Chifukwa chake n'chakuti Godot amalongedza yekha mafayilo okhawo amene amawadziwa kuti ndi zipangizo za gemu: zithunzi, mawu omveka, khodi, ndi masini, amene ndi mafayilo a .tscn osunga zidutswa za gemu. Fayilo ya .txt saiwerengera m'gulu limenelo, ngakhale mukuiona ndi maso m'foda ya pulojekiti. Muyenera kumuuza. Pa windo la Export sankhani tabu ya Resources, mupeze bokosi lolembedwa Filters to export non-resource files/folders, mulembemo:

```
*.txt
```

Ngati muli ndi mitundu ingapo, ilekanitseni ndi koma. Chenjerani apa: bokosi limeneli ndi la Windows yokha imene mwasankha kumanzere. Ngati mumatulutsanso gemu ya Android, mulembenso kumeneko, apo ayi pa kompyuta iyenda koma pa foni igwa pa malo omwewa.

Kukonza bokosi kokha sikukwanira. Khodi imene yagwa lero idzagwanso tsiku lina fayilo ina ikadzasowa. Iphunzitseni kunena:

```
var njira := "res://misewu/gawo1.txt"
var f := FileAccess.open(njira, FileAccess.READ)
if f == null:
    push_error(njira + ": " + error_string(FileAccess.get_open_error()))
    return
```

Tsopano fayilo ikasowa, godot.log ikhala ndi dzina lake ndi chifukwa chake, ngakhale mu gemu yosachongedwa. Musagwiritse assert pa ntchito imeneyi. Mu gemu yopita kwa osewera mizere ya assert siigwira ntchito n'komwe, ndipo ngati munaika m'kati mwake khodi yochita kanthu, nayonso siichitika.

Titulutsenso. "Yambani". Msewu wabwera, njinga ikuyenda. Gawo loyamba latha, tikulowa lachiwiri, pamene pamabwera galimoto ya fodya. Yagwanso.

Pa sikirini: windo lakuda likunena kuti res://masini/Lole.tscn yalephera kutsegulidwa.

Ulendo uno zipi ikusonyeza kuti sini ya loleyo ilimo. Koma yang'anitsitsani dzina. M'foda muli lole.tscn, chilembo choyamba chaching'ono. M'khodi munalembedwa Lole.tscn, chilembo chachikulu. Windows sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'maina a mafayilo, choncho mu edita fayiloyo inkatseguka. M'kati mwa .pck zilembo zimasiyanitsidwa, ngakhale gemu ikuyenda pa Windows pomwepo. Ndiye load() ikubweza null, mzere wotsatira ukuitana instantiate(), gemu pansi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti edita inachenjeza kalekale. Bwererani mu edita, muyendetse gemu mpaka gawo lachiwiri, muyang'ane mauthenga achikasu mu Debugger. Mupeza uthenga woyamba ndi mawu akuti Case mismatch. Uthenga umenewo musamaudumphe. Konzani dzina m'khodi kuti lifanane ndi la fayilo chilembo ndi chilembo, ndipo kuyambira lero maina onse a mafayilo ndi mafoda akhale a zilembo zazing'ono, mawu olekanitsidwa ndi kamzere kapansi. Mukafuna kusintha dzina la fayilo, sinthirani mu FileSystem ya Godot, osati kunja, kuti masini ena amene amailoza asinthidwe nawo. Koma maina amene munalemba ndi manja m'khodi mufufuze nokha.

Pali msampha wachitatu umene gemu ya kabazayi ili nawo, ndipo ndi wobisika kuposa awiri aja chifukwa dzina lili bwino ndipo chithunzi chinalongedzwa. Gemuyi imatsegula foda ya zithunzi za katundu ndi DirAccess, n'kutenga fayilo iliyonse yothera ndi .png. Mu edita imapeza zithunzi zisanu ndi chimodzi. Mu gemu yotulutsidwa imapeza ziro, kenako khodi ikupempha chithunzi choyamba pa mndandanda wopanda kanthu.

Pa sikirini: zipi, foda ya katundu. Muli mtedza.png.import, soya.png.import, koma mulibe .png ngakhale imodzi.

Godot salongedza chithunzi chanu choyambirira. Amalongedza chimene anachikonza kale, cha .ctex, chomwe chimakhala mu .godot/imported, ndipo pamalo pa chithunzicho amasiya kafayilo ka .import kolozera kumeneko. Masini nawonso amaoneka ndi .remap kumapeto. Mukalemba load("res://katundu/mtedza.png") imagwirabe ntchito, chifukwa load() amatsata kalozerayo. Chimene chimalephera ndi kuwerenga maina a m'foda. Ngati muli ndi Godot 4.4 kapena watsopano kuposa pamenepo, gwiritsani ntchito ichi, chimene chimabweza maina monga mumawaonera mu edita:

```
var maina := ResourceLoader.list_directory("res://katundu")
```

Pa Godot wakale, njira yodalirika ndi kulemba mndandanda wa zithunzizo nokha ndi preload(). Pa zithunzi zisanu ndi chimodzi ndi mizere isanu ndi umodzi basi, ndipo dzina likalakwika edita ikuuzani nthawi yomweyo, gemu isanayambe n'kuyenda komwe.

Chomaliza pa gemuyi ndi kusunga malikisi. Khodi ikulemba ku res://malikisi.cfg. Mu edita imeneyo ndi foda wamba, kulembamo kumatheka. Mu .pck simulembedwa kanthu, choncho FileAccess.open ikhoza kubwezanso null. Chilichonse chimene gemu imalemba chipite ku user://, foda imene Godot amaipatula pa kompyuta ya wosewera kuti gemu izisungiramo zinthu, ndipo kumbukirani kuti pa kompyuta yatsopano fayiloyo kulibe ulendo woyamba. Funsani kaye ndi FileAccess.file_exists musanaiwerenge.

Mfundo imeneyi ikusonyeza chifukwa chake kuyesera pa kompyuta yanu yokha kumanamiza: edita ndi gemu yotulutsidwa zimagwiritsa ntchito user:// imodzimodzi, ndiye fayilo imene edita inasunga sabata yatha ikubisa vutolo. Mu edita pitani ku Project, Open User Data Folder, musunthire kwina zimene zili m'menemo. Kenako chotsani chongi pa Export With Debug, mutulutse komaliza, muike kabaza.exe ndi kabaza.pck pamodzi pa fulashi, chifukwa .exe yokha popanda .pck siyamba pokhapokha munachonga Embed PCK. Kaiyeseni pa kompyuta imene sinaikidwepo Godot, ndipo musewere magawo onse mpaka njinga ifike pa boma, chifukwa fayilo ya gawo lachisanu ikasowa simudziwa muli pa gawo loyamba.