Zitupa ndi masitetimenti a anthu zikafika pa foni panu

Mwaswera bwanji chemwali, ndati ndingojambula mawu poti kulemba kutalika. Ndi za zithunzi za zitupa za unzika ndi masitetimenti a kubanki zomwe anthu akukutumizirani pa WhatsApp akamapempha ngongole zija.

Dzulo ndinaona munayika chitupa cha mayi wina pa gulupu ya ofesi mutapaka nambala ndi kachikasu kaja. Ndinangokweza kuwala kwa sikirini basi nambala yonse kuwoneka mbee. Kachikasu kaja anakapangira kuwunikira mawu osati kubisa. Muzisankha cholembera chakuda bii, mupake kawiri katatu, kenako mujambule sikirinishoti ya chithunzi chopakidwacho nkutumiza sikirinishotiyo, chifukwa mafoni ena amasunga chithunzi choyambirira pansi pake ndiye munthu atha kuchibwezeretsa.

Ndiye chomwe ambiri timayiwala ndi kuseri kwa chitupa. Kabokosi ka timadontho kaja, ka QR, sikokongoletsera ayi, munthu akakasikana ndi foni dzina ndi nambala ya chitupa zimatuluka, komanso mizere ya zilembo ndi timivi ili mmunsi ija muli nambala yomweyo ndi tsiku lobadwa. Ndiye mukabisa kutsogolo kokha kuseri nkusiya pamtunda palibe chomwe mwabisa. Akuba zomwe amafuna nzomwezo, amayimbira mwini wake nkumutchula dzina lonse ndi tsiku lobadwa, iye nkukhulupirira kuti ndi a kukampani ya foni, mapeto ake wawapatsa pini ya Mpamba kapena Airtel Money yekha.

Sitetimenti nayo ife timangofuna dzina, mwezi ndi malipiro omwe alowa. Mukamapititsa kwa wina kuti akuthandizeni, nambala ya akaunti musiye manambala 4 omaliza okha, mizere inayo muphimbe. Mmenemo mumaoneka kuti munthu analipira kuchipatala chiti, amatumizira ndani ndalama, zinthu zoti mwina ngakhale amuna ake sakuzidziwa, ndipo iye watikhulupirira.

Mukamaliza kulowetsa mu fayilo ya ofesi mufufute, koma kufufuta mu chati mokha sikukwana. Lowani mu galare muone ngati chatsala, kenako Trash kapena Recently deleted, mafoni ambiri amasunga mmenemo masiku 30. Ngati Google Photos ndiyoyatsa onaninso kumeneko. Kuti zisamagwerenso mu galare tsegulani chati ya kasitomala, dinani dzina lake pamwamba, Media visibility musankhe No. Ine ndinatero nditapeza mwana wanga akusewera ndi foni chitupa cha munthu chili pa sikirini.

Paja lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lilipo, a MACRA ndi amene amaliyang'anira, ndiye mukatumiza molakwika kwa munthu wina musabise chonde, dinani Delete for everyone pompo nkundiyimbira kuti timudziwitse mwini wake tsiku lomwelo.