Kwatsala Masiku Atatu, Silabasi ya Masamu Ili Pakati: Muchite Chiyani?

[Wofotokoza ali pa bolodi, mapepala a mayeso akale ali m'manja]

Muli Fomu 4 kuno ku Dedza, pepala la masamu la MSCE mulemba pakapita masiku atatu, ndipo silabasi mwangofika nayo pakati. Ambiri zikatere amathamangira mitu yomwe sanaphunzire n'kuyamba kuiwerenga yonse mothamanga. Musatero. Malikisi anu ambiri ali m'theka lomwe munaphunzira kale lija.

Tiyerekeze kuti pepala lili ndi malikisi 100, ndipo 50 akuchokera m'mitu yomwe mukuidziwa. Mukamakhoza theka lokha la mafunso amenewo, muli ndi 25. Mukawanola mpaka kumapeza 40, mwawonjezera 15 osaphunzira chatsopano chilichonse. Mutu watsopano sungakupatseni 15 mwachangu chotero.

TSIKU LOYAMBA

Pezani mapepala a MANEB a zaka zitatu kapena zinayi zapitazi, kwa aphunzitsi kapena kwa anzanu. Pa funso lililonse lembani mutu womwe lachokera. Ola limodzi likamatha muona nokha mitu yomwe imabwerabwera.

Kenako tsekani kope, muyambe kusova mafunso a mitu yomwe munaphunzira. Kutseka kopeko n'kofunika kwambiri. Mukamawerenga chitsanzo cha aphunzitsi mutu umavomera kuti "izi ndikuzidziwa", koma kuzindikira yankho lolembedwa kale n'kosiyana ndi kulitulutsa nokha. Funso likakukanikani kwa mphindi zisanu, tsegulani kope, onani pomwe munakakamira, tsekaninso, muliyambe kuchokera pachiyambi. Cholakwa chilichonse chilembeni pa pepala limodzi lapadera, m'mawu anuanu, monga "ndimaiwala kusintha chizindikiro ndikaolotsa nambala". Pepala limeneli mulisunge bwino.

TSIKU LACHIWIRI

Lero ndiye mulowe m'theka lomwe simunaphunzire, koma mutengemo mitu iwiri yokha. Posankha musangoona kuti mutuwo umabwera kawirikawiri. Funsaninso ngati umaima paokha. Mafunso a zinthu za mbali zitatu, monga piramidi, amafuna kuti tirigonometire ikhale itakhazikika kale, choncho ngati imakuvutani asiyeni. Koma matirikisi, maseti ndi mndandanda wa manambala okwera mofanana safuna zambiri za m'mbuyo.

Taonani chitsanzo cha mndandandawo.

[Pa sikirini]

```
5, 8, 11, ...
nth term = a + (n − 1)d
```

Funso likuti mupeze nambala ya 20 pa mndandanda. Nambala yoyamba, a, ndi 5. Kusiyana kwake, d, ndi 3, chifukwa 8 kuchotsa 5 ndi 3. Tsono n ndi 20, choncho n kuchotsa 1 ndi 19.

```
5 + 19 × 3 = 62
```

Mukapeza 65, dziwani kuti mwachulukitsa ndi 20 m'malo mwa 19. Mukapeza 72, mwayamba kuphatikiza 5 ndi 19 musanachulukitse. Njira yodziyesera ndi iyi: ikani n kukhala 3 m'fomula yanu. Ikapanda kutulutsa 11, pena pake palakwika.

Mutu wotere muupatse m'mawa wonse: zitsanzo ziwiri mukuonera, kenako mafunso asanu a m'mapepala akale kope lili chitsekere. Wachiwiri masana. Ngati mnzanu wina amaudziwa, akufotokozereni kwa theka la ola, koma cholembera chikhale m'dzanja lanu, osati lake.

Wina akabwera ndi likasa pa foni, mutalikireni. Mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira onse analembanso.

TSIKU LACHITATU

Chatsopano ayi. M'mawa tengani pepala lomwe simunaligwirepo, muike wotchi patsogolo, mulembe kwa nthawi yomwe yalembedwa pachikuto, osadzuka. Yambani ndi mafunso omwe mukuwatha, ovuta muwadumphe. Lembani sitepe iliyonse, chifukwa m'masamu njira yolondola imapatsa malikisi ngakhale yankho lomaliza litaphonya. Funso la mutu wachilendo lomwe lili ndi zigawo musalitaye lonse. Nthawi zambiri gawo loyamba limangofuna kuika manambala m'fomula kapena kudzaza tebulo.

Masana chongani, ndipo zomwe mwalakwa muziwonjezere pa pepala la zolakwa lija. Madzulo muwerenge pepala lokhalo ndi mafomula.

Zoviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, ndi kuzizira kwa kuno nyengo ya mayeso, zisiyeni. Masamu amafuna mutu wogona bwino, apo ayi 7 × 8 mumulemba 54. Longedzani kakyuleta, rula, kampasi, pensulo ndi chiphaso chanu cha mayeso, ndipo pofika 9 koloko mukhale muli m'bulangete.