Abwana auzeni za ntchito, zinazo muziyeze kaye

Zikomo amfumu, zikomo a komiti pondipatsa mpata uwu. Amayi ndi abambo, khalani bwino, sinditenga nthawi yaitali. Ena mwa inu mukundidziwa, ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoona za anthu ogwira ntchito pa kampani ina mumzinda muno, ndipo pa mpando umenewo ndinkamva mavuto a anthu tsiku ndi tsiku. Ena ankabwera atachedwa, kalata yowachotsa ntchito italembedwa kale. Ena ankabwera msanga koma n'kukhuthula zonse, mpaka za kuchipinda, kenako n'kumadabwa kuti dzina lawo latchuka bwanji pamalo onse.

Ndikufuna ndikusimbireni za mtsikana mmodzi. Dzina lake ndi malo ake sinditchula. Ankagwira ntchito yolandira ndalama pa kauntala, ndipo mwezi umodzi mavuto atatu anamugwera pamodzi. Mayi ake anagonekedwa ku chipatala chachikulu, ndipo iye ndi amene ankagona nawo usiku monga gadiyani. Mwamuna wake anali atachoka pakhomo. Ndiye pofuna ndalama za mankhwala ndi thiransipoti, anakatenga katapila, K100,000 yoti abweze K150,000 pakutha pa mwezi.

Tsono taonani zimene anachita. Za mayi ake sanauze aliyense wa udindo, ankangofika mochedwa, maso ali psuu, n'kunena kuti minibasi inavuta. Za mwamuna ndi za katapila anauza anzake atatu pa nthawi ya nkhomaliro, akulira, chifukwa mtima unali utadzaza. Anasinthanitsa zinthu. Chimene abwana anafunika kudziwa anachibisa, chimene chinafunika kusamalidwa anachimwaza.

Patapita masabata awiri, ndalama za pa kauntala pake zinaperewera K18,000. Zoterezi zimachitika, munthu wosagona usiku amalakwitsa chenji. Koma nkhani itafika kwa ine inafika itavala kale malaya. Wina anali atanong'oneza woyang'anira kuti mtsikanayu ali ndi ngongole ya katapila. M'kaundula munali masiku asanu ndi limodzi ofika mochedwa popanda chifukwa chomveka. Inuyo mukanakhala abwana mukanaganiza chiyani? Ndaona ena mukugwedeza mitu. Eya, ndi zomwezo zimene aliyense anaganiza. Anapulumuka chifukwa pomufunsa anatulutsa mapepala a kuchipatala a mayi ake, koma anachotsedwa pa kauntala, ndipo anthu sanasiye kumuyang'ana ndi diso lija.

Ndiye funso limene ndinkafunsa aliyense wobwera kwa ine ndi ili: vuto lanuli likukhudza ntchito pati? Nthawi yofika? Masiku oti musabwere? Mphamvu zonyamula katundu? Pamene likukhudza ntchito, pamenepo ndi pa abwana, ndipo muwauze msanga, asanaone okha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musadikire kuti abwana alote.

Powauzapo, nenani zimene zisinthe pa ntchito, kuti zitenga nthawi yotani, ndi chimene mukupempha. Mtsikana uja akanangopita Lolemba m'mawa n'kunena kuti, “Bwana, mayi anga agonekedwa ndipo ndine ndikuwadikirira usiku. Madokotala akuti mwina masabata awiri. Ndikupempha ndizilowa shifiti ya masana, kapena nditengeko masiku asanu pa tchuthi changa cha pachaka.” Basi. Sanatchule matenda a mayi, sanatchule chifukwa chimene mwamuna sakuthandiza. Abwana akafunsa kuti nanga bambo a kunyumba ali kuti, yankho laulemu lilipo: “Pakadali pano ndili ndekha pa nkhaniyi, bwana.” Simunaname, koma simunatsekulenso chitseko cha kuchipinda.

Mwaona kuti ndati tchuthi cha pachaka, sindinati tchuthi cha matenda. Apa ambiri amasokoneza. Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa masabata anayi a tchuthi cha matenda pa malipiro onse, ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro, chaka chilichonse, akabweretsa kalata ya dokotala wovomerezeka. Koma tchuthi chimenechi ndi cha matenda a inu mwini. Akadwala mayi anu kapena mwana, mumadalira tchuthi cha pachaka, chomwe ndi masiku 18 ngati mumagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kapena masiku 15 ngati mumagwira masiku asanu. Kupitirira apo ndi malamulo a pamalo panu ndi mtima wa abwana. N'chifukwa chake kupempha bwino, msanga, kumathandiza. Lamulo lomwelo limalola abwana kuchotsa munthu amene wajomba popanda chilolezo ndiponso popanda chifukwa chomveka. Chifukwa chomveka chimene chili mumtima mwanu mokha, abwana osachidziwa, chimavuta kuchiteteza pambuyo pake.

Ndipo mukalankhula ndi abwana pakamwa, tsatizani ndi kakalata kapena uthenga wa pafoni wachidule, wonena zimene mwagwirizana ndi tsiku lake. Abwana amasamutsidwa, abwana amaiwala. Nkhani ikadzafika ku ofesi ya za ntchito ya kwa DC kapena ku khoti la za ntchito, adzafunsa pepala.

Tsopano za matenda a inu eni, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Ndaonapo anthu ambiri akubwera ndi buku lawo la kuchipatala, lija timayenda nalo tonse, n'kuliika pa tebulo la abwana ngati umboni. Abale anga, m'bukumo muli mbiri yanu yonse, za chaka chatha, za zaka zisanu zapitazo, mankhwala onse amene munalandirapo. Mlembi akamalijambula kuti aike mu failo amatsekula masamba onse. Musatero. Pemphani adokotala akulembereni kalata yapadera yonena kuti munaonedwa tsiku lakuti ndipo mukufunika kupuma masiku akuti. Chimene abwana akufuna ndi masiku, kuti adziwe wogwira m'malo mwanu.

Kwa amene mumamwa ma ARV, dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo la za HIV ndi Edzi la chaka cha 2018, ndipo limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha kachilombo. Kuuza abwana kapena kusawauza ndi kusankha kwanu. Mukhoza kungonena kuti, “Ndili ndi tsiku lokaonana ndi adokotala pa miyezi itatu iliyonse, ndizikudziwitsani sabata imodzi lisanafike.” Wa shuga amanena chimodzimodzi, wa BP chimodzimodzi. Lamulo limakutetezani kuti musachotsedwe, inde, koma lamulo silingatseke pakamwa pa anthu pa nthawi ya tiyi. Ena anasankha kuulula ndipo zinawayendera bwino, anapeza abwana omvetsa. Ine sindikuletsa. Ndikungoti musankhe muli phee, osati tsiku limene mwatopa ndipo misozi ili pafupi.

Pali malire ake, ndisakunamizeni. Ngati matenda kapena mankhwala anu angaike moyo wa ena pachiswe, kubisa sikuloledwa ndi chikumbumtima. Dalaivala amene wayamba kugwa khunyu, kapena woyendetsa makina amene mankhwala akumugonetsa masana, ayenera kunena, kuti amusinthire ntchito. Pamenepo chinsinsi chanu chikhoza kupha mwana wa wina.

Ndibwerere ku katapila uja. Ngongole si mlandu, tonse pano tinakongolapo, ena mwa inu mawa muli ku banki m'khonde. Koma ngati ntchito yanu ndi yogwira ndalama, kusunga makiyi a sitolo kapena kugula katundu wa kampani, nkhani ya ngongole yanu ikakhala m'kamwa mwa anzanu imasanduka umboni wokutsutsani tsiku limene kanthu kasowa. Ngati mukufuna thandizo, pitani kwa amene angathandizedi: kapempheni adivansi ku ofesi ya malipiro, kapena ngongole ku SACCO ya pantchito ngati ilipo. Kumeneko mumangonena kuti mwapanikizika ndi matenda pakhomo. Koma mukaona kuti mwini katapila wayamba kuopseza kuti abwera pa geti, musadikire. Pitani kwa abwana inuyo poyamba, munene mwachidule kuti muli ndi ngongole, mukubweza motere, ndipo mwina munthu angabwere. Nkhani yomweyo imamveka mosiyana ikachokera kwa inu ndi ikachokera kwa mlonda wa pa geti.

Za banja sindichedwapo. Tili ndi ankhoswe, tili ndi akulu a mpingo, tili ndi alongo athu. Mukauza anzanu a pantchito zonse zimene amuna anu anachita, mawa mukagwirizana, inu mudzaiwala koma iwo sadzaiwala, ndipo bamboyo akadzabwera kudzakutengani adzamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Madzi akatayika saoleka. Pokhapokha ngati pali nkhanza, munthu akukuopsezani kapena kukutsatirani kuntchito. Pamenepo uzani abwana ndi alonda kuti asamulowetse, ndipo pitani kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Zimenezo si zochitira manyazi.

Mayi kumbuyoko mwafunsa kuti, nanga munthu asakhale ndi mnzake womuuza zakukhosi kuntchito? Ayi, mayi, akhale naye. Timakhala kuntchito nthawi yambiri kuposa kunyumba, ndipo pa maliro ndi anzathu omwewo amene amasonkha ndi kubwera kudzagona nafe. Maliro, kubadwa kwa mwana, ngozi ya pamsewu, izi nenani momasuka, n'zimene zimatimanga pamodzi. Koma wa zakukhosi akhale mmodzi, ndipo mumuyese kaye. Mvetserani mmene amakambira za ena. Amene amakubweretserani nkhani za anzanu zotentha, akumati “musauze munthu”, dengu lomwelo ndi limene adzanyamulire zanu. Muyambe mwamuuza kanthu kakang'ono kosapweteka, mudikire mwezi, muone ngati kabwerere kwa inu kudzera pakamwa pena. Dzifunseninso kuti, munthu ameneyu atakwezedwa mawa n'kukhala bwana wanga, kapena titapikisana pa udindo umodzi, ndingakhale womasuka kuti akudziwa zimenezi? Ndipo pa gulu la WhatsApp la kuntchito musalembepo chilichonse chimene simungafune kuti abwana aakulu awerenge, chifukwa chithunzi cha uthenga chimayenda msanga kuposa inu.

Achimwene apa mwakweza mkono kalekale, mukuti abwana anu amafunsa mafunso ambiri ngati apolisi. Imani tikumveni bwino, munene mmene amafunsira, tione pamodzi mmene mungawayankhire.