"Palibe Anafufuzapo" Si Gapu Anzanga: Kalembedwe ka Pulobulemu Sitetimenti

[Kuyang'ana kamera, pepala lodzaza inki yofiira m'manja]

Mukuliona pepala ili? Ndi pulopozo yanga yoyamba, ndinaisunga dala. Supavaiza wanga sanavutike n'kuwerenga masamba onse, anangofika pa pulobulemu sitetimenti n'kulemba funso limodzi m'mphepete, lomwe pa Chichewa tingati "ndiye bwanji?" Basi. Milungu itatu ya kusagona inathera pomwepo. Khalani mpaka kumapeto chifukwa tilemba imodzi limodzi, ndipo ngati simunasabusikilaibe dinani kabatani kali pansipo, n'kaulele.

Zoyambira tithamange nazo, mumazidziwa kale. Pulobulemu sitetimenti ndi kandime kapena tindime tiwiri titatu, kawirikawiri sikupitirira tsamba limodzi, kamene kamanena kuti vuto ndi ili, zodziwika kale ndi izi, chosadziwika ndi ichi, ndipo kusadziwako kukupweteka wakutiwakuti. Chosadziwikacho ndiye gapu. Zolinga ndi mafunso a kafukufuku zimabadwa pamenepo. Zatha.

Tsopano bodza lija, ine ndiye limandinyansa. Anthu amaganiza kuti gapu ndi kunena kuti "palibe kafukufuku amene anachitika pa nkhaniyi m'boma la kwathu". Ayi amangwetu. Palibenso amene anafufuza kuti mbuzi za kwa agogo anga zimalira kangati pa tsiku, ndiye ndipite ndikapemphe ndalama? Kuti chinthu sichinafufuzidwe sizitanthauza kuti chikufunika kufufuzidwa, mwina anthu anachisiya chifukwa yankho lake silingasinthe kanthu.

Komanso nthawi zambiri mawuwo sakhala owona n'komwe. Amene akuti palibe anafufuzapo amakhala kuti wasaka mphindi khumi, bando yatha, wagona. Ndiye pa tsiku la difensi mmodzi mwa ofunsa mafunso aja akungosolola pepala lomwe analemba yekha pa mutu womwewo, inu thukuta kamukamu. Ndinaziwonapo ndi maso anga, mnzanga anangoti kukamwa yasa.

Ena amachenjera pang'ono, amati "anafufuza ku Kasungu koma ku Dedza ayi". Chabwino, koma tiuzeni, ku Dedza kuli chiyani chimene chingachititse kuti zotsatira zisiyane? Ngati ndi kuzizira, nenani kuti kuzizira ndipo fotokozani kuti kukukhudza bwanji chinthu mukuyezacho. Mukapanda kutero mwangosintha dzina la boma pa ntchito ya mwini wake. Amene mwalembapo chiganizo chimenechi ulurani mu komenti, sitikusekani, tonse tinadutsa momwemo.

[Pa sikirini: thumba la chimanga]

Tiyeni tigwire nkhani yeniyeni, kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS, aja anachokera ku yunivesite ya Purdue ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lolukidwa kunja, ukamanga bwino mpweya sulowa, anankafumbwe amamaliza okha mpweya wotsalawo n'kufa, osathira mankhwala.

Sitepe 1, vuto. Mabanja amakolola cha m'ma Epulo ndi Meyi, chimangacho chikuyenera kuwafikitsa Januwale ndi Febuluwale pamene njala imaluma, koma china chimafumbwa panjira. Apa ikani nambala imodzi yochokera mu lipoti lodalirika, ndi chaka chake. Imodzi yokwana. Musayambire pa "chimanga ndi chakudya chofunika pa dziko lonse", supavaiza wanu amadya nsima tsiku lililonse, akudziwa.

Sitepe 2, zodziwika kale. Apa ndiye pamene ambiri amathawa chifukwa pamafunika kuwerenga. Lowani pa Google Scholar ndi pa AJOL, webusaiti ya mapepala a kafukufuku a mu Africa, mulembe ngati izi:

```
"PICS bags" maize storage Malawi
"hermetic storage" maize "opening frequency"
```

Mupeza kuti zakuti matumbawa amapha tizilombo zinatsimikizika kalekale, bola chimanga chikhale chouma, chinyezi cha m'ma 13 peresenti kutsika m'munsi. Ndiye ngati funso lanu linali "kodi PICS imagwira ntchito?", pepani, mwachedwa. Powerenga pepala lililonse lembani zinthu zitatu mu kope: anachitira kuti, anayeza chiyani, ndipo kumapeto anavomereza okha kuti sanakwanitse chiyani. Kagawo kameneko ka zofooka za kafukufuku anthu amakadumpha, pomwe ofufuza amakhala akukulozerani okha pamene pali dzenje.

Sitepe 3, gapu yeniyeni. Ganizirani mmene thumba limakhalira pakhomo. Mayi salimanga mu Juni n'kulisiya mpaka Disembala ngati ku labu, amamasula kutapa ndowa yopita nayo kuchigayo, n'kumanganso mwachangu ndi kaluzi, nthawi zina mwana ndi amene watumidwa. Kumasula kulikonse mpweya ukulowa. Chaka chamawa thumba lomwelo aligwiritsanso ntchito, mwina khoswe analiboola pangodya. Tsono tiyerekeze kuti mwawerenga ndithu, ndipo mapepala amene mwapeza ambiri anayeza matumba atsopano, omangidwa ndi akatswiri, ndipo amene anayesa zomasulamasula anachitira mu labu. Ngati ndi choncho, gapu yanu ndi iyi: sitikudziwa kuti thumba la chaka chachiwiri, lomasulidwa mmene mabanja amamasulira, limateteza chimanga mpaka pati. Mwaona kusiyana? Simukunena kuti palibe analembapo. Mukutchula amene analemba, n'kuonetsa pamene iwo analekezera. Ndati tiyerekeze, musangokopera izi, kawerengeni kaye, mukapeza kuti wina anayankha kale musunthe gapu yanu.

Ndisanaiwale, vidiyo ya kasakidwe ka mapepala aulele ili pamwambapa, dinani mukamaliza ino osati pano.

Sitepe 4, ndiye bwanji? Funso la inki yofiira lija. Tchulani munthu amene akusowa chochita chifukwa cha kusadziwako. Mlangizi wa zaulimi akafunsidwa kuti "thumba la chaka chatha ndiligwiritsenso ntchito kapena ndigule lina?" ayankha chiyani? Akati gulani chaka chilichonse, banja liwononga ndalama mwina pachabe, ndipo ena angobwerera ku matumba wamba. Akati ligwiritseninso ntchito koma likulowa mpweya, banja lidzamasula mu Januwale n'kupeza fumbi. Mbali zonse pali chotayika, ndiye kufunika kwa kafukufuku wanu kwaoneka, osachita kulemba kuti "athandiza boma ndi onse okhudzidwa". Okhudzidwa ake ati?

Sitepe 5 ndi chiganizo chimodzi: choncho kafukufukuyu ayerekeza kufumbwa kwa chimanga m'matumba atsopano ndi a chaka chachiwiri, m'makomo enieni, kuchokera pokolola mpaka Febuluwale.

Kayeso kake n'kosavuta. Phimbani sitepe 5 ndi dzanja, mupatse mnzanu wa kozi ina awerenge zotsalazo, kenako mumufunse kuti "ukuganiza ndikufuna kufufuza chiyani?" Akalasa, zili bwino. Akati "mwina za njala?" ndiye kuti gapu yanu ikadali yotakata ngati bwalo la mpira. Onaninso kuti zolinga zanu zikutuluka mu gapu momwemo, chifukwa gapu ikamanena za thumba lakale koma cholinga chachiwiri chikufufuza mitengo ya chimanga pa msika, supavaiza azungulizapo ndi inki.

Ponyani gapu yanu mu komenti, chiganizo chimodzi chokha, ndisankha zitatu tizikonze pamodzi mu vidiyo ya sabata yamawa. Koma yoyamba ndi "palibe anafufuzapo" ndiiwerenga mokweza, ndanena kale. Laiki ija musaiwale.