Makalata a Omvera: Wina Sakuyenda, Wina Sakukhala

Kalata yoyamba yachokera kwa agogo ena a ku Santhe. Akuti: "Mdzukulu wanga ali ndi chaka ndi miyezi iwiri koma sakuyenda. Sanakwaweko, amangodzikoka ndi matako. Anabadwa mimba ili ndi miyezi 7. Wa mnansi wathu anayenda ali ndi miyezi 10. Anthu akuti makolo ake anamusempha. Titani?"

Agogo, mtima m'malo. Tiyambe ndi kuwerenga miyezi. Mwana wobadwa masiku asanakwane timamuchotsera miyezi imene anafulumira, mpaka atakwanitsa zaka ziwiri. Wanuyu anafulumira ndi miyezi iwiri, ndiye pa miyezi 14 chotsanipo iwiri. Thupi lake ndi la mwana wa chaka chimodzi, ndipo ana ambiri a chaka chimodzi amakhala asanayambe kuyenda okha.

Mu 2006 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana athanzi a m'maiko asanu, kuphatikizapo Ghana. Ofulumira anayenda okha ali ndi miyezi 8, ochedwa anafika pafupifupi miyezi 18, onsewo abwinobwino. Ndipo ana anayi pa 100 alionse sanakwawe ndi manja ndi mawondo n'komwe. Ana odzikoka ndi matakowa kawirikawiri amachedwerapo kuyenda, chifukwa amafika kumene akufuna manja ali ndi mpata wonyamula chikho, ndiye aimirirenji?

Chimene ndikufuna mukaone madzulo ano ndi ichi. Muikireni chinthu chimene amachikonda pampando. Kodi akugwira mwendo wa mpando n'kudzikweza? Akaima, mapazi onse awiri akuponda pansi bwino? Ngati akutero, ndipo kusikelo mzere wake ukukwera, mupatseni nthawi. Azimutsitsa kumsana nthawi zina, azisewera pamphasa, asamangokhala m'beseni kapena m'katoni tsiku lonse. Koma akafika miyezi 18, mutachotsera iwiri ija, asakuyendabe, kapena ngati pano miyendo yake ikungolobodoka mukamuimiritsa, pitani naye kuchipatala. Za tsemphozo, musawaimbe mlandu makolo ake. Kalendala ndi imene yakusokonezani.

Yachiwiri ndi yaifupi, yachokera kwa mayi ena a ku Chamama: "Wanga ali ndi miyezi 10, ndi wonenepa bwino. Sakhala yekha, timamutchinjiriza ndi mapilo. Amagwira zinthu ndi dzanja lamanzere lokha, lamanja amangolifumbata. Apongozi akuti watengera bambo ake amanzere. Tingamuphunzitse bwanji kudyera dzanja lamanja?"

Mayi, mwalemba mosadandaula, koma kalata yanu ndi imene yandikhazika tsonga. Musadikire tsiku la sikelo, pitani naye sabata ino.

Mphamvu za mwana zimayambira kumutu kutsikira kumapazi. Khosi limalimba pa miyezi itatu kapena inayi, kenako amayamba kudzitembenuza pakati pa miyezi 4 ndi 6, kenako msana umalimba n'kukhala yekha. Mwana akadutsa miyezi 9 asakukhala popanda chomutsamiritsa, ayenera kupimidwa.

Koma chachikulu ndi dzanjalo. Umanzere weniweni suoneka mwana asanakwanitse chaka. Khanda limatola chinthu ndi dzanja lililonse limene layandikira, n'kuchisamutsira ku dzanja linalo. Likamasankha dzanja limodzi msanga chonchi, nthawi zambiri n'chifukwa choti linalo ndi lofooka kapena lokungika. Mumaliona bwanji pomuveka malaya? Mkono umenewo umavuta kuulowetsa? Chala chachikulu chimabisala mkati mwa chibakera? Mukamunyamula m'khwapa, miyendo imawongoka gwa n'kupingasana ngati sizasi? Zimenezi zikhoza kusonyeza kuti ubongo unavulala, mwina pobadwa ngati anachedwa kulira, mwina ndi chikasu chachikulu m'masiku oyamba, kapena ndi matenda oumitsa khosi ndi malungo okomoka nawo. Ine pawailesi pano sindingagamule, agamula ndi adokotala atamugwira.

Tengani buku lake lachipatala. Auzeni mmene uchembere unayendera, ngati anagonekedwapo kuchipinda cha makanda odwala, ngati anakomokapo, komanso ngati amatsamwa poyamwa kapena pomwa phala. Kuchipatala chaching'ono pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu cha boma pa Kasungu, ndipo mukafunse za a mafizo. Iwowa amaphunzitsa mayi kagwiridwe, kakhazikidwe ndi masewera oti dzanja lofumbatalo lizigwira ntchito, ndipo amathandiza kwambiri akayamba mwana akadali wamng'ono, minofu isanakungike. Pakadali pano musamumange dzanja lamanzere, ndipo musawongole lamanjalo mokakamiza.

Pali kalata ina ya ku Nkhamenya ya mwana amene ankakhala yekha koma wasiya atadwala. Tidzaiwerenga sabata yamawa, koma bambo amene mwalembanu musadikire pulogalamu. Mwana akasiya chimene ankatha kale, kaya ali ndi miyezi ingati, pitani naye kuchipatala lero lomwe.