Chitseko chosatseguka kumaloto

Kalata yathu yoyamba lero yachokera ku Ntcheu, kwa mnyamata amene wapempha kuti tisamutchule dzina. Akuti:

"Abusa, ndili ndi zaka 19, ndinabatizidwa chaka chatha. Chilembereni mayeso a Fomu 4 ndimangolota nditaima pakhomo, ndikukankha chitseko koma osatseguka. Ndimadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Mnzanga akuti wina kumudzi ananditsekera mwayi, ndipite kwa mneneri ndi ndalama ya mafuta. Kodi Mulungu wandikana?"

Abusa, mwaimva.

Zikomo. Mwana wanga, ndalamayo isunge kaye. Pa Genesis 40:8 Yosefe ananena kuti kumasulira maloto n'kwa Mulungu, ndipo sanalipiritse aliyense. Chinanso, mneneriyo akakutchulira dzina la azakhali ako, udzadana ndi munthu wosalakwa chifukwa cha loto.

Mwina munthu angakuwerengere Genesis 41:32, pamene Farao analota kawiri chifukwa Mulungu anali atatsimikiza kuchita chinthucho. Nzoona. Koma Mlaliki 5:3 akunenanso kuti maloto amadza ndi kuchuluka kwa zochita. Ndiye tenga kope, uliike kumutu kwa mphasa. Ukadzuka lemba tsiku, ndi zimene zinachitika dzulo lake. Ngati lotoli limabwera usiku umene kunyumba akufunsa za zotsatira za mayeso, kapena wamva kuti mnzako wapeza ntchito mu tauni, ndiye kuti ndi nkhawa ya masana imene yakulondola pogona. Limenelo si tchimo, ndipo si ufiti.

Sunatiuze chinthu chimodzi: kumalotoko umakhala kunja kapena m'kati? Ndikufunsa chifukwa m'Baibulo chitseko chotseka sichinena chinthu chimodzi. Anamwali opusa aja a pa Mateyu 25 anatsekeredwa kunja, ndipo ndikudziwa kuti ndi amene akukuopsa. Koma Nowa anamutsekera m'chingalawa ndi Mulungu mwini, kuti apulumuke. Pa Chivumbulutso 3:20 woima kunja n'kumagogoda ndi Yesu, wotseka ndi mpingo wa ku Laodikaya.

Nkhani imene ndikufuna uiwerenge modekha ili pa Machitidwe 16:6-10. Paulo anafuna kukalalikira ku Asiya, Mzimu Woyera anamuletsa. Anayesa ku Bituniya, chimodzimodzi. Sanati walodzedwa, sanakhalenso pansi. Anapitirira mpaka ku Trowa, ndipo kumeneko usiku anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya akumupempha kuti awolokere kwawo akawathandize. Taona vesi 10: akuti "tinafuna kupita", kusonyeza kuti sanatsimikize yekha, anali ndi anzake.

Iwenso kopelo upite nalo kwa abusa kapena mkulu wa mpingo wako, amene amakudziwa pamaso, pakutha mwezi umodzi. Koma ngati tulo tasoweratu, chakudya sichikulowa, kapena ukuganiza zodzivulaza, usadikire mwezi. Uza munthu wamkulu lero lomwe, akuperekeze kuchipatala.

Zikomo abusa. Achimwene a ku Ntcheu, mutilemberenso mutiuze mbali ya chitseko imene mumaima.